Nkhani yanga ya kondakitala ndi ndalama ya pafoni yakana kutha, ndithandizeni

Cholembera25
Abale, ndikulemba nkhani yayifupi koma ndatsamwa nayo pakati. Ndi ya kondakitala wa minibasi ya ku Area 25 mu Lilongwe amene kwa nthawi yoyamba akulandira ndalama ya ulendo kudzera pafoni. Dzina sindinamupatse dala, poti tonse timangomuitana kuti kondakitala basi. Poyambira pake ndi apa:

Minibasi inanyamuka pa Nsungwi 6 koloko isanakwane. Kondakitala anali atapinda ndalama m'litali n'kuzipana pakati pa zala monga mwa masiku onse. Atafika pa mzere wachiwiri, mayi wina wa chitenje cha kumpingo anati, "Mwana wanga, ya pamanja ndilibe. Tchula nambala ndikutumizire." Kondakitala anayang'ana dalaivala pagalasi. Dalaivala anayang'ana msewu. "Amayi," anatero kondakitala, "galimotoyi imamwa petulo, siimwa mesiji." Anthu anaseka, koma mayiyo anali atatulutsa kale foni.

Kuchokera apa ndinalemba kuti mnyamatayo sadziwa kugwiritsa ntchito foni, ndiye mtsikana wasukulu amene wakhala pafupi ndi chitseko akumuphunzitsa batani ndi batani. Pofika ku depoti wasangalala, akuuza aliyense kuti azilipira pafoni. Ndikawerenga ndekha ndikumva kuti penapake ndikunama, koma sindikuona pamene. Amene munagwirapo ntchitoyi kapena mumakwera tsiku ndi tsiku, ndiuzeni.

MwanaWaKawale
Imamwa petulo siimwa mesiji, imeneyo musachotse. Zinazo mwalemba ngati sewero la mabungwe la pa wailesi.

KondaWakale
Achimwene, pamene mukunama ndi apa: kondakitala wa mu Lilongwe amene sadziwa *211# kapena *444# mukam'peza kuti? Ine ndagwira chitseko zaka zingapo, njira ya ku 25 yomweyo kenako ya Likuni. Tonse tinkatumizira makolo kumudzi pafoni, ena ankabetcha mpira pafoni pomwepo. Mabatani timawadziwa kuposa mtsikana wanu wasukuluyo. Chimene kondakitala amakanira si umbuli ayi.

Ndalama ya m'minibasi siigona. Ikalowa m'manja imakhala ili kale ndi kopita. Tiyerekeze mwanyamula anthu 15 ndipo aliyense akulipira K1,500, ndangotenga mtengo woti tiwerengere. Ndi K22,500. Woitanira amene wakudzazirani galimoto pasiteji amafuna yake musananyamuke, tinene mutu umodzi, K1,500, ndipo ameneyo sungamuuze kuti ndikutumizira, agwira chitseko mpaka umupatse. Kutsogoloku dalaivala akhota pa filing'i siteshoni n'kunena kuti thira a K10,000, chifukwa minibasi zambiri sizidzaza thanki, zimathira pang'onopang'ono ulendo ndi ulendo. Mwatsala ndi K11,000. Tsopano anthu atatu akhale kuti alipira pafoni, K4,500. M'manja mwatsala K6,500, ndipo m'menemo ndi momwe mukuchokera chenje cha bambo amene wakupatsa K5,000 ya pepala limodzi m'mamawa. Ndalama ija ilipo ndithu, koma ili m'thumba la buluku, m'kafoni, ndipo siingabweze chenje.

Mukafuna kondakitala wanu akhale weniweni, aziopa zimenezi. Foni aziidziwa.

Cholembera25
Zikomo kwambiri akulu, apa mwanditsegula maso. Ndiye kuti mtsikana uja ndimuchotse?

NaBandaWaKu23
Musamuchotse, mum'patse ntchito ina. Ine ndimagulitsa kaunjika kwa Tsoka ndipo ndimalandira pafoni tsiku lililonse. Munthu amene amathandiza sakhala wokuphunzitsa mabatani, amakhala wokunong'oneza kuti "musayang'ane foni yawo, yang'anani yanu." Ine anandiuza mawu amenewa ndi mnzanga wa benchi loyandikana nditabedwa kale jekete. Mnyamata anandionetsa pafoni pake kuti ndalama yapita, dzina langa lilipo, ndalama yake ilipo, ine n'kumupatsa katundu. Madzulo ndikuyang'ana, palibe chinalowa. Anali atangosintha uthenga wakale. Ndinalira ngati mwana tsiku limenelo, osati chifukwa cha jekete yokha koma manyazi.

Tsabola_Wakale
Ndiye mwaona? Ine n'chifukwa chake ndimati kondakitala wokana ali ndi nzeru. Ndalama ndi imene waigwira.

MwanaWaKawale
Madala, inu ndi amene mumakwera ndi K5,000 pa 5 koloko m'mawa n'kumakalipa kuti chenje chichedweranji.

Tsabola_Wakale
Mphwanga, pepala la K5,000 sindinapange ine. Analitulutsa ndi a Reserve Bank mu 2022, ndipo kubanki akandipatsa limenelo ndikaphwanyire kuti usiku?

EjentiPaDepoti
Ndilowepo pa nkhani ya uthenga wabodza, chifukwa olemba nkhani ambiri amaisokoneza. Pali njira ziwiri zimene anthu amaberedwa ndipo n'zosiyana. Yoyamba ndi imene anena a NaBanda, wakuba akukuonetsa foni yake. Yachiwiri ndi yoti foni yako yomwe ilira, uthenga walowa wonena kuti walandira ndalama, koma wautumiza ndi munthu kuchokera pa nambala yake. Wakopera mawu a uthenga weniweni n'kusintha chiwerengero.

Kuzindikira kwake sikovuta ngati uli ndi mphindi. Uthenga weniweni subwera ndi nambala ya munthu ya 099 kapena 088 pamwamba, umabwera ndi dzina la kampani, ndipo umagwera pamodzi ndi mauthenga ena akale a ndalama. Umanenanso ndalama yonse imene ili mu akaunti tsopano. Ngati unali ndi K2,000 n'kulandira K1,500, pansi pazioneka K3,500. Wakuba sadziwa kuti unali ndi zingati, ndiye amangolota, kapena mbali imeneyo amaidula. Ukakayikabe, umaimba *211# kapena *444# n'kufunsa balansi ndi pini yako, pamenepo palibe bodza.

Koma taonani vuto la kondakitala. Ine ndimachita zimenezi nditakhala pansi pa ambulera, manja onse awiri ali anga. Iye dzanja limodzi lili pa chitseko, lina lapana ndalama, mutu uli panja akukuwa "Kanengo! Tauni!", ndipo kuti afunse balansi ayenera kulemba pini anthu anayi a mzere woyamba akumuyang'ana pa zala. Mu nkhani yanuyo, pamenepo ndi pamene pali mtima.

Mlimi_wa_Mitundu
Pepani ndalowa mochedwa. Ine vuto langa ndi lomwelo, ndinatumiza ndalama ya feteleza ku nambala yolakwika, ndinasemphanitsa manambala awiri omaliza. Kodi pagulu pano alipo angandithandize kuti ibwerere? Ndi sabata yatha.

MwanaWaKawale
Abambo, pano tikukonza nthano.

EjentiPaDepoti
@Mlimi_wa_Mitundu imbirani kampani ya foni yanu kapena pitani ku ofesi yawo ndi chiphaso komanso uthenga umene unabwera mutatumiza, musaufufute. Zimayenda bwino munthu akadandaula msanga wolandirayo asanatape. Pakatha sabata sindikulonjezani. Ulendo wina muziwerenga dzina limene limabwera musanalembe pini. Ndipo wina akakuimbirani kuti ndine wa kukampani, tchulani pini tikubwezereni, dulani foni.

Cholembera25
Abambo a ku Mitundu pepani ndithu, koma mwandipatsa kanthu. Dzina limene limabwera munthu asanalembe pini! @KondaWakale, nambala imene kondakitala angatchule imakhala ya ndani? Yake, ya dalaivala, kapena ya mwini galimoto?

KondaWakale
Hahaha, mwafika pa chilonda. Tsiku langa loyamba linali lotere. Mayi wina, osati wa kumpingo ngati wanuyo koma wa ku ofesi, anakwera pa 18 alibe ya pamanja. Ndinam'tchulira nambala yanga. Koma simu imeneyo, nthawi ija ankalembetsa manambala ndi chiphaso cha unzika, changa chinali chisanatuluke, ndiye analembetsa ndi mlongo wanga. Mayi uja akuwerenga mokweza kuti atsimikize, dzina la mkazi. Minibasi yonse phwaa kuseka. Wina kumbuyo akuti kondakitala ndalama amasungitsa kwa madamu, wina akuti ayi ndi chibwenzi. Dalaivala sanaseke. Titatsitsa anthu anandifunsa kuti iwe, ndalama ya galimoto ikupita kwa mkazi uti?

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni. Ife tinkagwira pa tageti. Bwana amafuna ndalama yake yokhazikika madzulo, mafuta ndi anu, yotsala mumagawana ndi dalaivala. Ndalama ya pamanja dalaivala amaiona, amawerenga mitu pagalasi ndipo amadziwa kuti ulendo uno wabweretsa zingati. Ikalowa mufoni mwanga saiona, ndipo yasakanikirana ndi yanga, ya lendi imene ndinasunga momwemo. Tikatchula ya dalaivala, ine sindingatsimikize kuti yalowa, iye akuyendetsa, ndipo simufuna munthu akuwerenga mesiji pa Crossroads. Tikatchula ya bwana ndiye tadzipha tokha. Bwana ali kunyumba, ife sitikudziwa ngati yalowa, komanso ayamba kuwerenga kuti kodi anyamatawa amapanga zingati patsiku, mawa tageti yakwera.

Tinagwirizana kuti izilowa kwa ine, koma iliyonse ikalowa ndizinena mokweza kuti "ya pafoni imodzi", dalaivala n'kuponya kamtengo ka machesi mu kabokosi ka pa dashibodi. Madzulo timawerenga timitengo, timawerenga mauthenga.

NaBandaWaKu23
Timitengo ta machesi! Achimwene olemba, mukasiya zimenezi ndiye sindiwerenga nkhani yanu.

ZaMaBiziNesi
Koma zonsezi zili ndi yankho lapafupi. Mwini minibasi angotsegula akaunti ya bizinesi, apatsidwe kodi ngati ya m'masitolo, aimate pa chitseko. Palibe kusakaniza ndi ndalama ya lendi, palibe dzina la mlongo. Ndipo nkhani ya mafuta si vuto, mafiling'i siteshoni ambiri mu Lilongwe amalandira pafoni. Kondakitala wa mu nkhaniyi angolipira mafuta ndi K4,500 ija basi.

KondaWakale
Za mafuta mwanena zoona theka. Alipo olandira, inde. Koma muli ndi anthu 15 m'galimoto amene akuchedwa ku ntchito, akukalipa kale kuti bwanji simunathire musanatikweze, ndiye uyambe kufunsa kodi, kulemba, kudikira uthenga ufike kwa wothira mafuta. Nthawi ya mizere ya mafuta ija wothira sankafuna n'komwe kumva za foni, kumbuyo kuli galimoto mpaka kuseri. Koma za kumata kodi ya bwana pa chitseko, bwererani muwerenge zimene ndanena za tageti. Simunakhalepo kondakitala inu.

ZaMaBiziNesi
Sindinakhalepo, koma ndili ndi minibasi imodzi ya ku 36, ndiye mbali inayo ndikuidziwa bwino. Mwangovomera nokha pagulu kuti mumabisa.

KondaWakale
Sitibisa bwana, tinagwirizana tageti. Yapamwamba ndi thukuta lathu. Tsiku limene galimoto yagona pa mzere wa mafuta mpaka masana, tageti mumatsitsa?

Tsabola_Wakale
Apa ndiye pafika pokoma. Ndikhale kaye pansi.

MphunzitsiWaChichewa
Ndibwezereni ku nkhani ija musanamenyane. Mwana wanga wolemba, ine za mafoni sindidziwa zambiri koma nkhani ndawerenga zochuluka ndi ana m'kalasi. Chimene chikukuvutani n'choti mwapanga kondakitala kukhala wophunzira, wina aliyense mphunzitsi. Munthu wotere owerenga samukonda, amangomumvera chisoni. Taonani zimene akuuzani anzanuwa. Mnyamatayu ndi katswiri pa ntchito yake: amadziwa amene walipira ndi amene sanalipire mwa anthu 15 osalemba paliponse, amadziwa amene akumusungira chenje cha K500 ndi pamene atsikire. Luso lake lonse lili m'zala ndi m'maso. Tsiku limeneli kwabwera ndalama imene zala sizingaigwire, ndipo kwa nthawi yoyamba ayenera kukhulupirira mawu a munthu mpaka foni ilire. Lembani kudikirako. Mtunda wochokera pamene mayi wanena kuti "ndatumiza" kufika pamene atsikire, umenewo ndiwo nkhani yanu yonse. Zina zija za kusangalala ku depoti fufutani.

Komanso mayiyo musam'pange mngelo. Mwina nayenso ali ndi mantha kuti atchedwa wakuba pamaso pa anthu.

Cholembera25
Amayi, zikomo, ndamva. Koma n'chiyani chingachedwetse uthenga mpaka mayi afike potsikira? Ndikangoti netiweki, aliyense anena kuti ndathawira pa chifukwa chophweka.

EjentiPaDepoti
Netiweki imachedwetsadi nthawi zina, ndalama n'kulowa uthenga n'kubwera pambuyo. Koma ndikupatseni china chimene ndimachiona pa ambulera panga. Timafoni ta mabatani tija timasunga mauthenga ochepa. Bokosi likadzaza, kachizindikiro ka envelopu kamangophethira pamwamba ndipo watsopano salowa mpaka ufufute wakale. Anthu amabwera akukalipa kuti ndalama sinafike, ine n'kuwauza kuti fufutani umodzi, pompo foni n'kulira kanayi.

NaBandaWaKu23
Ndiye afufute uti? Pamenepo mutiuze kuti mufoni mwa kondakitala mumakhala mauthenga a ndani.

MwanaWaKawale
A kubetcha okhaokha.

DalaWaChinsapo
Ine ndikufunsa za ndalama yotapira. Munthu ukatumiza K1,500 yeniyeniyo, kondakitala akapita kwa ejenti amudula. Ndiye walipira yochepa. Ine kondakitala wina anandiuza kuti ndionjezere ya kutapira, ndinakana, chifukwa nanenso potumiza andidula. Tinakangana kuyambira pa Likuni raundabauti mpaka m'tauni. Ndani analakwa?

KondaWakale
Munalakwa ndinu. Amene wasankha foni ndi inu, osati iye.

EjentiPaDepoti
Ayi, nonse munali ndi mbali. Koma kondakitala wochenjera satapa K1,500 iliyonse payokha. Kudula kumayenda m'magulu a ndalama, ndiye akasonkhanitsa za tsiku lonse n'kutapa kamodzi madzulo, zimene amudule zikagawidwa pa mutu uliwonse zimachepa. Akamauza aliyense kuti aonjezere ya kutapira yathunthu, pofika madzulo wadyapo. Choopsa kwa iye n'china: afika kwa ejenti 7 koloko usiku, ejenti n'kumuuza kuti ya pamanja yandithera, kapena watseka kale, bwana akudikira tageti yake.

DalaWaChinsapo
Ndiye kuti sindinalakwe.

KondaWakale
Sananene choncho. Ndipo pali ena oipitsitsa amene ndinaiwala. Akuti ndikutumizira K5,000, undibwezere K3,500 ya pamanja. Akusandutsa ejenti waulere. Ukalola awiri otere m'mawa, chenje chonse chapita ndipo uyamba kukwatitsa anthu, kupatsa awiri osadziwana pepala limodzi kuti akagawane okha akatsika.

Tsabola_Wakale
Ine anandikwatitsapo ndi mayi wina pa mlatho wa Lilongwe, tinayenda limodzi mpaka mumsika kusaka wotiphwanyira K2,000. Akazi anga akanationa sindikudziwa ndikanafotokoza bwanji.

Cholembera25
Ndalembanso usiku wonse. Pakati pake tsopano pali motere, ndiuzeni ngati ndikunamabe:

"Ndatumiza," anatero mayi uja, n'kutembenuza foni kuti aone. Kondakitala anasuzumira. Mtsikana wa yunifolomu amene anakhala pafupi ndi chitseko analankhula osamuyang'ana, ngati akuuza zenera. "Yang'anani yanu, achimwene." Anatulutsa kafoni kake ndi dzanja lomwe linapana ndalama. Kanali zii. Pamwamba kaenvelopu kankangophethira.

Anadutsa Kanengo. Anatolera mzere wachitatu ndi wakumbuyo, anabweza chenje cha bambo wa chipewa, koma khutu lake linali m'thumba. "Yalowa?" anafunsa dalaivala. "Ikubwera." Mayi uja anali atasiya kuyang'ana anthu. Anagwira chikwama ndi manja awiri n'kunena motsitsa kuti atsikira pa 18.

Mtsikana uja anati, "Bokosi ladzaza. Fufutani umodzi." Kondakitala anatsegula. Woyamba unali wa mwini nyumba, wa lendi. Anausiya, poti ndi umboni. Wachiwiri unali wa mayi ake, wa chaka chatha, umene anawalembera mwana wa oyandikana nawo: afika bwino kuchipatala, asadandaule. Chala chinaima pamenepo. Minibasi inayamba kuchepetsa liwiro.

Ndaima pomwepa. Sindikudziwa ngati afufute, kapena amusiye mayiyo atsike osatsimikiza.

NaBandaWaKu23
Iii achimwene, mwandigwetsa misozi pa benchi makasitomala akuona. Asafufute. Amusiye mayiyo apite, uthenga udzalowe madzulo.

EjentiPaDepoti
Sungalowe ngati sanafufute kanthu. Ndipo pepani kuononga, koma bokosi lodzaza silikhala ndi mauthenga awiri okha. Pali a malonda a kampani ambirimbiri amene angafufute osaganiza. Komanso akhoza kungofunsa balansi, yankho limaoneka pompo pa sikirini.

MphunzitsiWaChichewa
A ejenti anena zoona, ndipo wowerenga wa mu Lilongwe aona msanga. Mayi odwala aja mwawakokera m'nkhani kuti atilize, chotsani. Koma pini ija ndiyo mwaiwala. Afunse balansi, alembe pini anthu akuyang'ana, ndipo chiwerengero chituluke pamaso pa mzere woyamba wonse ndi dalaivala: ndalama ya mayi yalowa, inde, koma aliyense waonanso kuti kondakitala ali ndi zingati. Kaya ndi zochepa zochititsa manyazi, kaya ndi zambiri zoti dalaivala ayambe kufunsa, musankhe nokha.

KondaWakale
Zikhale zambiri. Ya lendi ili momwemo. Dalaivala aone pagalasi n'kukhala chete mpaka ku depoti, chete ameneyo ndimamudziwa ine.

ZaMaBiziNesi
Ndipo mwini galimoto amve.

KondaWakale
Bwana, inu mu nkhaniyi mulibemo.

Cholembera25
Ndatenga ya pini ndi timitengo ta machesi. Za mayi odwala ndachotsa, ngakhale zikundiwawa. Funso lomaliza kwa a KondaWakale: mayi wa pa 18 uja, wa tsiku lanu loyamba, ndalama yake inalowa?

KondaWakale
Inalowa tisanafike pa Crossroads. Koma anatumiza yeniyeniyo, ya kutapira sanaikepo.

DalaWaChinsapo
Anachita bwino.